Malonje a mlangizi wa zaumoyo

Kwathu, kumunsi kwa phiri la Michesi m'boma la Phalombe, mlendo sayamba nkhani asanapereke malonje. Amamuyalira mphasa, kenaka iye amafotokoza kumene wachokera, amene wamutuma ndi chimene wadzera. Mwambowu ndinaupeza ndipo udakalipo. Chimene chasintha ine ndikuona ndi anthu amene mwambowu umawakhudza. Ndili mwana, wantchito wa boma wa zaumoyo sankapereka malonje kwa anthu wamba. Lero mlangizi watsopano amaimirira pabwalo la mfumu n'kudzifotokoza yekha, ndipo mawu ochepa amene amanena tsiku limenelo ndi amene amamutsegulira kapena kumutsekera makomo a m'mudzi.

Ife obadwa m'zaka za m'ma 1960 tili ndi chipsera cha katemera wa nthomba pamkono. Amene anatipatsa katemerayo sitiwadziwa ndi dzina lomwe. Mfumu inkalengeza madzulo, m'mawa galimoto n'kufika, ana n'kuima pamzere pansi pa mtengo wa mango, dzuwa likamapendeka alendo aja n'kumapita. Mu 1973 matenda a kolera anabuka koyamba m'dziko muno, ndipo boma linalemba anthu oti aziyenda m'midzi kuthandiza kulimbana nawo. Ntchito ya alangizi a zaumoyo amene tikuwadziwa lero inaphukira pa magulu awiri amenewa, obaya katemera ndi a kolera.

Msonkhano wolandira munthu wotere ndikuukumbukira bwino. Chipani chinali chimodzi, ndipo woyamba kuyankhula anali tcheyamani wa chipanicho m'dera lathu, kenaka amfumu. Iwo ndi amene ankatiuza kuti bambo akhala apawa atumidwa ndi boma, aliyense awamvere. Mlendoyo akaimirira sankatchula kwawo, sankanena kumene azigona, ndipo panalibe amene ankayembekezera kuti atero. Ankangowerenga zofunika pakhomo lililonse: chimbudzi chokhala ndi chivindikiro, bafa, thandala loyanikapo mbale, dzenje la zinyalala ndi chingwe choyanikapo zovala. Ankamaliza ndi tsiku limene adzabwere kudzayendera. Anthu ankaomba m'manja n'kubalalika. Mafunso kunalibe, chifukwa masiku amenewo kufunsa wa boma pagulu kunkaoneka ngati kuderera boma lenilenilo. Ife ana tinkangowatchula kuti bambo a zimbudzi.

Njira imeneyo inali ndi zipatso zake, ndipo sindizinyoza. Zimbudzi zinakumbidwa, mathandala anamangidwa, nthomba inatheratu. Koma inkafika pokhapo pamene maso a woyendera ankafika. Panali makomo amene chimbudzi chinkakhala chosesedwa bwino, chivindikiro chili pamalo pake, pamene eni ake ankapitabe kutchire, ena chifukwa choti mkamwini sangalowe m'chimbudzi chimodzi ndi apongozi ake. Mwana akadwala chikuku ankabisidwa kuchipinda, poti ambiri ankakhulupirira kuti jakisoni amapha mwana wa chikuku. Woyendera uja ankaona bwalo losesa n'kulemba m'buku lake kuti pakhomo pali bwino, mwana akubuula kuseri kwa chitseko. Panalibe amene akanamuuza zimenezi, poti munthu wosamudziwa, amene umamuopa, sumuululira za kuchipinda.

Zinthu ziwiri zinasintha mwambo wa msonkhanowu. Choyamba, mantha anachoka. Kuyambira pa riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, mawu akuti watumidwa ndi boma analeka kukhala okwanira paokha, ndipo anthu anaphunzira kufunsa. Chachiwiri, ntchito ya mlangizi inachoka pabwalo n'kulowa m'nyumba, mpaka m'thupi mwa munthu. Edzi itafika, ndipo makamaka mankhwala otalikitsa moyo atayamba kuperekedwa ulere mu 2004, mlangizi anakhala munthu wodziwa amene akumwa mankhwala ndi amene wasiya. Anayamba kubaya amayi jakisoni wolera wa miyezi itatu. Kuyambira mu 2008, m'midzi yotalikirana ndi chipatala, anapatsidwa bokosi la mankhwala kuti azithandiza ana aang'ono konkuno. Ntchito zoterezi sizitheka ndi lamulo la mfumu lokha. Mayi sangakakamizidwe kuulula kuti akufuna kulera mwamuna wake asakudziwa. Amanena yekha, kwa munthu amene wamukhulupirira.

Tisaiwalenso kuti dera lathu lino lavutikapo ndi mphekesera za anamapopa, mu 2002 komanso mu 2017, pamene anthu ena anaphedwa pongowaganizira kuti amapopa magazi, ndipo ntchito zina zaumoyo m'midzi ya kuno zinasokonekera. Katemera wa kolona atabwera mu 2021, mafoni anadzaza ndi nkhani zoopseza. Munthu wachilendo wonyamula chikwama chokhala ndi singano akalowa m'mudzi wotere osadzifotokoza, amaika moyo wake pachiswe, ndipo ana amene akanawathandiza amabisidwa.

Mlangizi amene tili naye panopa anafika mu 2023, miyezi ingapo namondwe wa Freddy atakokolola zimbudzi ndi kukwirira zitsime zambiri, dziko likadali pa mliri waukulu wa kolera umene unayamba mu 2022. Ndi mtsikana wa msinkhu wa ana anga. Amfumu atamaliza mawu awo sanamufotokozere kalikonse. Anangoti, “Mlendo wathu ali ndi pakamwa pake, timumve.” Iye anaimirira atavala yunifolomu yake yabuluu, chitenje atamanga pamwamba, anawerama pang'ono kuyang'ana kumene kunakhala akuluakulu, natchula dzina lake ndi la bambo ake. Zotsatira zake zinali pafupifupi izi:

“Zikomo amfumu ndi nduna zanu, zikomo agogo anga, amayi ndi abambo nonse. Kwathu ndi ku Chiradzulu, makolo anga ndi alimi ngati inu nomwe, ndipo ndili ndi mwana mmodzi amene azikwera sikelo limodzi ndi anu. Ndatumidwa ndi boma kudzera kuchipatala chathu chaching'ono kuti ndikhale mlangizi wanu wa zaumoyo. Ine si dokotala, si namwino, komanso si mzamba. Ndizigona mommuno, m'nyumba ija ili kuseri kwa sukulu. Ana oyambira miyezi iwiri mpaka zaka zisanu, odwala malungo, chibayo, kutsegula m'mimba kapena maso, ndiziwaona Lachiwiri ndi Lachisanu, koma mwana akadwala usiku gogodani, musadikire tsiku. Mankhwala ndi aulere, ndipo ndikadzakuuzani kuti mulipire mudzandinenere kwa amfumu. Akadzatha ndidzakuuzani kuti atha. Zimene ndidzaone m'nyumba mwanu kapena m'buku lanu la kuchipatala zidzathera mwa ine. Ndathokoza.”

Anakhala pansi anthu asanayambe n'komwe kusuntha pamphasa. Mawu anali ochepa, koma aliyense mwa iwo ankayankha funso limene linali kale m'mitima ya anthu.

Kutchula kwawo ndi kumene azigona kunali koyamba chifukwa ndi pamene pagona nkhawa yaikulu ya mudzi. Boma limafuna kuti mlangizi mmodzi azitumikira anthu 1,000 ndipo azikhala pakati pawo, koma m'madera ambiri mmodzi amasenza anthu oposa pamenepo, ndipo ambiri amagona kumsika wa patali chifukwa m'mudzi mulibe nyumba yoti achite lendi. Malungo a mwana nthawi zambiri amakula usiku. Mlangizi wobwera panjinga m'mawa n'kubwerera masana sapezeka pa nthawi imene akufunika kwambiri. N'chifukwa chake agogo ena aamuna, ataloledwa kufunsa, anati, “Mwanangu, akuluakulu amati mlendo ndi mame. Kodi iwe sukamuka dzuwa likatuluka?” Mtsikanayo sanalumbire kuti adzakalambira kuno. Anayankha kuti, “Agogo, kusamutsa munthu ndi kwa mabwana anga, koma masiku onse amene ndili kuno ndizigona m'nyumba ija, ndipo ndikamachoka kupita kukatenga mankhwala kapena kumaphunziro ndizisiya uthenga kwa a komiti ya zaumoyo.” Agogowo anagwedeza mutu. Yankho lotere munthu angathe kulitsimikiza ndi maso ake, pongoona ngati utsi ukufuka pakhomo paja m'mawa.

Mawu akuti “ine si dokotala” ndi amene ndimawalemekeza koposa, chifukwa ndi ovuta kuwanena. M'midzi aliyense wovala yunifolomu ya chipatala timamuitana kuti adokotala, ndipo ulemu umenewu umakoma. Koma kwa zaka zambiri maphunziro oyambirira a mlangizi anali a masabata 12, kuwonjezapo ena afupiafupi a ntchito zapadera monga kuthandiza ana odwala. Zimene amadziwa amazidziwa bwino, koma zili ndi malire, ndipo mudzi ukapanda kudziwa malirewo umataya nthawi pakhomo pake ndi wodwala amene akanayenera kukhala ali panjira ya kuchipatala. Mayi wina atafunsa kuti nanga ndi ana otani amene sangawathe, iye anawerenga ndi zala: khanda losakwana miyezi iwiri, mwana wokomoka, wolephera kuyamwa kapena kumwa, wosanza chilichonse, wolefuka moti sakudzuka bwino, ndi amene chifuwa chake chikulowa mkati akamapuma. Oterewa, anatero, adzawalembera kalata n'kuwauza kuti athamange nawo kuchipatala nthawi yomweyo. Za amayi oyembekezera ananena mosapita m'mbali kuti aziwayendera n'kumawakumbutsa za sikelo, koma kubereketsa si ntchito yake, ndipo masiku akayandikira mayi azikadikirira kuchipatala.

Nkhani ya magazi anaiyambitsa ndi bambo wina amene anakhala kumbuyo. Iwo anafunsa, “Achemwali, tamva kuti mumatenga ana magazi. Amapita kuti?” Pabwalo panangoti zii, chifukwa funsoli linali la anthu ambiri. Kalelo wofunsa chotere akanadzudzulidwa pomwepo. Mlangiziyo anatsegula chikwama chake n'kutulutsa kachipangizo koyezera malungo kakadali m'pepala lake, nakapereka kwa amfumu kuti akagwire, kenaka kanayenda m'manja mwa anthu. Anafotokoza kuti amabaya chala cha mwana ndi kasingano kogwiritsa ntchito kamodzi kokha, amatenga kadontho kamodzi n'kukaika pakabowo, amadonthezapo timadzi ta m'kabotolo, ndipo pakatha mphindi 15 kapena 20 pamaoneka mizere. Mzere umodzi ndiye kuti malungo palibe, iwiri ndiye kuti alipo. Zonsezi zimachitika mayi wa mwana akuona, ndipo kachipangizoko kakagwira ntchito kamatayidwa, kasingano kamaponyedwa m'katoni yake yokaotcha. Anawonjeza chifukwa chake amayeza: si kutentha thupi kulikonse kumene kuli malungo, ndipo mankhwala a LA, amene mwana amamwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, amaperekedwa kwa amene wapezeka nawo basi. Ife amene tinaona kolorokwini akusiya kugwira ntchito mpaka kulowedwa m'malo ndi fansida mu 1993, fansidayo n'kusiyidwanso mu 2007, tinamvetsa chifukwa chake mankhwala saperekedwa mwachisawawa.

Anaonetsanso kawotchi kowerengera mpweya ndi kalamba koyezera mkono. Mwana wa chifuwa amamuwerenga kapumidwe kwa mphindi yathunthu ali phee. Wosakwana chaka akapuma ka 50 kapena kuposa, kapena wa chaka chimodzi mpaka zisanu akapuma ka 40 kapena kuposa, ndiye kuti ndi chibayo, ndipo amamupatsa amokisilini. Kalamba kaja amakakulunga pamkono wa mwana, ndipo kakafika pofiira ndiye kuti mwanayo wanyentchera kwambiri, ayenera kupita kuchipatala. Zipangizo zimene anthu azigwira ndi manja awo masana pabwalo sizioopsanso akadzaziona usiku, mwana ali m'manja.

Za chinsinsi sanafunsidwe ndi aliyense, ndipo sizikanatheka kufunsidwa pagulu. Koma ndinaona amayi angapo akuyang'anana pamene anati zonse zidzathera mwa iye. M'mudzi momwe aliyense ndi mbale wa mnzake, mlangizi amadziwa amene ali pa mankhwala otalikitsa moyo, amene akumwa a chifuwa chachikulu, ndi mtsikana amene waima asanaulule kwa anakubala. Akangotayako liwu limodzi pachitsime, ntchito yake yathera pomwepo ngakhale atakhala ndi mankhwala odzaza bokosi. Lonjezo limeneli amalinena pamaso pa amfumu kuti amayi adziwe kuti ngakhale amfumuwo sadzauzidwa.

Kunena kuti mankhwala akadzatha adzanena kunalinso kwanzeru. Mankhwala a m'bokosi amatha ndithu, makamaka m'nyengo ya dzinja pamene malungo achuluka ndipo misewu yaduka. Zikatero, mudzi umene sunachenjezedwe umathamangira kunena kuti wagulitsa. Iye anapempha kuti a komiti ya zaumoyo azikhalapo akamatsegula katundu wochokera kuchipatala, aziwerengera limodzi mapaketi a Thanzi, zinki, LA ndi panado, ndipo mmodzi wa iwo azidziwa zimene zalembedwa m'kaundula. Potero anadziteteza yekha, natetezanso mudzi.

Si malonje onse amene amayenda chonchi. Pakati pa bambo a zimbudzi aja ndi mtsikanayu padutsa alangizi angapo, ndipo mmodzi ndimamukumbukira chifukwa cha mmene anayambira. Anayankhula nthawi yaitali, akusakaniza Chingerezi, akutchula masukulu amene anapitako. Atamutchula kuti adokotala sanakane. Analonjeza mjigo ndi maneti a udzudzu pakhomo lililonse, zinthu zimene sizinali m'manja mwake. Pomaliza anadzudzula mudzi wonse kuti ndi wauve, apongozi ndi akamwini ali pomwepo. Anthu anaomba m'manja mwaulemu ndipo panalibe anafunsa kanthu. Masiku ano zikatero ndiye kuti zinthu zalakwika. Anthu akamufuna mlendo amamupanikiza ndi mafunso, koma akamutaya amangomuthokoza. Zotsatira zake zinaoneka posakhalitsa. Kusikelo kunkabwera amayi ochepa, mwana akatentha thupi anthu ankadutsa pakhomo pake kukagula panado kugolosale, ndipo mjigo utalephera kubwera, ngakhale uphungu wake wabwino wothira kolorini m'madzi akumwa unkamveka ngati bodza lina. Sanali munthu woipa, ndipo ntchito ankaidziwa, koma anayamba ndi kudzikweza ndi kulonjeza, m'malo monena chimene ali ndi chimene angathe.

Anzanga ena a msinkhu wanga amadandaula kuti kale zinthu zinkayenda msanga, wa boma akanena kamodzi zimbudzi zinkakumbidwa sabata yomweyo, pamene lero mlangizi amachita kunyengerera khomo ndi khomo. Akunena zoona, ndipo kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, anatikumbutsa kuti chimbudzi ndi madzi abwino si nkhani yachikale. Komabe ine ndikaika pamlingo, ndimasankha za lero. Kumvera kwa mantha kunkatha woyendera akangokhota pangodya. Mayi amene wamva yekha, wafunsa, wagwira kachipangizo ndi dzanja lake, amadzuka pakati pa usiku n'kukagogoda popanda womutuma, ndipo mwana amene kale akanabisidwa kuchipinda amayezedwa tsiku lomwelo.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti katundu yense tsopano tamusenzetsa mwana mmodzi. Kale kumbuyo kwa wantchito wa zaumoyo kunkaima mphamvu zonse za boma. Lero amaima yekha pabwalo, wazaka makumi awiri ndi zingapo, kulonjeza kugona m'mudzi momwe mulibe nyumba yake, ndi kupereka mankhwala amene sadziwa ngati abwera mwezi wamawa. Ngati iye wayamba kupereka malonje, nafenso eni mudzi tili ndi mbali yathu yoti tiyankhe. Tsiku lija amfumu anaimvetsa bwino mfundo imeneyi. Asanatseke msonkhano anagawa ntchito pomwepo: mabanja a kumtunda aumbe njerwa za kachipinda koonera ana kuti asamaonedwere pakhonde, a kumunsi abweretse udzu ndi mitengo, a komiti akonze ndandanda wa anyamata a njinga amene azinyamula mwana wotumizidwa kuchipatala usiku. Anachenjezanso kuti aliyense womva mphekesera yokhudza mlangiziyo azibwera nayo kubwalo, mwini wake alipo, isanayende m'mafoni. Kachipindako kanamangidwa chilimwe chomwecho, ndipo ndandanda wa njinga uja ukugwirabe ntchito mpaka pano.